Ndalama zogwiridwa pa khadi ku hotela ndi pothira mafuta: mafunso ndi mayankho

Ndinagwira ntchito zaka zingapo pa tebulo lolandirira alendo pa hotela ina muno mu Blantyre, ndipo palibe nkhani imene inkatiyambanitsa ndi alendo kuposa iyi. Munthu wapereka khadi, wasaina, walandira kiyi, wakwera kuchipinda. Sipapita mphindi khumi, watsika foni ili m'manja, nkhope itagwa: "Achemwali, paja munati chipinda ndi K180,000 usiku umodzi, nanga zadulidwazi ndi za chiyani?" Ndinkamumvetsa, chifukwa ndalama zimenezo mwina ndi za mafuta obwererera kwawo, mwina ndi za fizi ya mwana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene alendo ankandifunsa kawirikawiri. Mitengo ya makwacha imene ndatchula ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mtengo wa hotela ina iliyonse.

Kodi ndalamazo zachokadi mu akaunti yanga?

Ayi, zikadali momwemo, koma inu simungazikhudze. Kulipira pa khadi kuli ndi mbali ziwiri zimene ambiri timaziyesa chinthu chimodzi. Mbali yoyamba ndi kupempha chilolezo: makina a hotela amatumiza funso ku banki yanu, kudzera ku banki ya hotelayo ndi njira za Visa kapena Mastercard, kuti kodi khadi iyi ndi yabwino, ndipo kodi muli ndalama zokwana mwakuti? Banki yanu ikavomera, imapereka nambala ya chilolezo, ndipo nthawi yomweyo imapatula ndalamazo kuti musazigwiritse ntchito kwina. Mbali yachiwiri ndi kutenga ndalamazo kwenikweni, ndipo imachitika hotela ikatumiza bilu yomaliza.

Mukagula shuga m'shopu mbali ziwirizi zimatsatizana pafupi kwambiri moti simuona kusiyana. Ku hotela zimatalikirana masiku onse amene mukugona kumeneko.

Zili ngati mumsika wa Limbe mukauza mayi wogulitsa kuti "ndisungireni thumba la mpunga ili, ndibwera madzulo". Thumbalo likadali pa benchi yawo, silinapite kulikonse, koma wina akabwera kudzaligula amuuza kuti ili n'logwidwa kale. Ndi chifukwa chake pa apu ya banki mumaona mabalansi awiri. Imodzi imasonyeza ndalama zonse zimene zili mu akaunti, ina, imene nthawi zambiri imalembedwa kuti `Available Balance`, imasonyeza zimene mungathe kutapa panopa. Ikatsika ndi yachiwiri yokhayi, dziwani kuti ndalama zangogwiridwa. Chosokoneza n'chakuti uthenga wa pafoni wa mabanki ena umabwera ndi mawu ofanana ndi a ndalama zodulidwa, ndiye mtima umayamba wadumpha munthu asanaone bwinobwino.

Chabwino, nanga bwanji amagwira zochuluka kuposa mtengo wa chipinda?

Chifukwa pa tsiku lolowa palibe amene akudziwa kuti bilu yomaliza idzakhala zingati, inu kapena hotela. Chodziwika ndi mtengo wa chipinda kuchulukitsa ndi masiku. Chosadziwika ndi chambo chimene mudzadye usiku n'kunena kuti "lembani pa chipinda", zakumwa za mu kafuliji, malaya ochapitsa, kapena galimoto yokusiyani ku Chileka. Hotela imaopa kuti mlendo adya zonsezi kenako pa tsiku lotuluka khadi n'kukana. Ndiye imayerekeza ndalama ya zoonjezera pa usiku uliwonse n'kuiphatikiza pa chilolezo choyamba chija.

Tiyeni titenge bambo wochokera ku Mzuzu amene wabwera ku msonkhano wa masiku atatu. Chipinda ndi K180,000 usiku umodzi, misonkho ili momwemo. Hotela imaika K40,000 pa usiku ya zoonjezera.

Chipinda masiku atatu ndi K540,000. Zoonjezera zoyerekeza ndi K120,000. Makina agwira K660,000.

Bamboyu anali ndi K900,000 mu akaunti, ndipo m'mutu mwake anawerengera kuti akachotsa za chipinda atsala ndi K360,000 zoyendera m'tauni. Koma zimene angatape tsopano ndi K240,000 basi. K120,000 ija sanadye, sanamwe, koma sangaikhudze. Pa masiku atatuwo wadya chakudya chamadzulo kawiri ndipo wachapitsa malaya, zonse K52,000. Bilu yomaliza ndi K592,000. Choncho K68,000 inagwiridwa popanda chimene anagula, ndipo iyenera kubwerera m'manja mwake.

Ine sindiona cholakwika kuti hotela idziteteze chonchi. Chimene ndinkadana nacho, ndipo ndimadana nachobe, n'kugwira ndalama za munthu osamuuza. Malamulo a makampani a makhadi amafuna kuti mlendo adziwitsidwe kuti chimene chikutengedwa ndi ndalama yoyerekeza, komanso kuti ndi zingati. Wolandira alendo akangoti "ndipatseni khadi" osanena kanthu, mufunseni asanaswayipe: mukugwira zingati, ndipo za chipinda ndi zingati, zoonjezera ndi zingati?

Ndikaonjezera masiku, kapena ndikadya zopitirira zimene anayerekeza?

Hotela imapempha chilolezo china choonjezera pa choyamba chija, nthawi zambiri osakuitanani, poti khadi yanu inalembedwa kale. Ndiye mutha kuona mauthenga awiri kapena atatu pa ulendo umodzi. Si kubedwa, bola zonse zikaphatikizidwa zigwirizane ndi masiku amene mwakhala.

Zotsalazo zimabwerera bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo zimatengera batani limene wolandira alendo adine pa tsiku lotuluka.

Pa makina pamakhala njira zosiyana. Imene anagwiritsa ntchito pa tsiku lolowa imalembedwa `PRE-AUTH`. Pa tsiku lotuluka ayenera kusankha yomalizitsa chilolezo chomwe chija, imene pa makina ambiri imalembedwa `COMPLETION`, n'kulowetsa nambala ya chilolezo kapena nambala ya lisiti loyamba, kenako ndalama yeniyeni ya bilu. Kwa bambo wa ku Mzuzu uja, makina amauza banki kuti pa K660,000 munagwira ija tikutenga K592,000. Banki imaona kuti uthenga uwu ndi wa chilolezo chomwe chija, imadula K592,000, ndipo K68,000 imamasulidwa. Nthawi zina pamafunika uthenga wina wapadera wobweza gawo lotsalalo, ndipo malamulo a Visa amafuna kuti wamalonda autumize pasanathe maola 24 kuchokera pamene bilu yatsekedwa.

Zikayenda chonchi, pa sitetimenti simuona mzere wonena kuti K68,000 yabwezedwa. Anthu ambiri amadikira uthenga wa ndalama zolowa, n'kumadandaula kuti sizinabwere, pamene zinabwera kalekale. Sizilowa poti sizinatuluke. Mumangoona kuti balansi yotapika yakwera, ndipo mabalansi awiri aja afanana.

Ndalipira bilu yonse, koma zogwiridwa zija zikadalipo. Kodi andidula kawiri?

Kawirikawiri sanakuduleni kawiri, koma kwa masiku angapo thumba lanu limva ngati momwemo. Zimachitika wolandira alendo akapanda kumalizitsa chilolezo choyamba, m'malo mwake n'kudina `SALE`, njira yogulitsira wamba. Kwa banki yanu amenewa ndi malonda atsopano, okhala ndi nambala yawoyawo ya chilolezo. Kompyuta ya banki singalote kuti K592,000 ya lero ndi mwana wa K660,000 ya tsiku lolowa lija. Imadula yatsopanoyi, yakale ija n'kuisiya chigwirire, kudikira bilu imene sidzabwera.

Ndinalakwitsapo chimodzimodzi ndili watsopano pa ntchito, ndipo sindidzaiwala. Unali m'mawa wa Lachisanu, mzere wa otuluka utafika pakhomo, ndipo lisiti la tsiku lolowa la mayi wina silinkaoneka m'faelo. Pofuna kufulumira ndinangodina njira ya malonda wamba. Makina anakana, n'kulemba `INSUFFICIENT FUNDS`. Mayiwo anandiyang'ana modabwa. "Mwana wanga, ndalama zilimo, ndaziona dzulo." Zinalimodi, koma tinali titazigwira ife tomwe. Zinali ngati bambo wa K900,000 uja: zotapika K240,000, bilu K592,000, ndiye khadi ikana ngakhale ndalama zokwanira bilu zakhala phee pa dzina la hotela yomweyo. Mayiwo anaima pambali manyazi atawagwira pamaso pa anthu, akuimbira mwamuna wawo kuti atumize zina. Mkulu wathu atabwera anapeza nambala ya chilolezo mu kompyuta, n'kumalizitsa pa mphindi imodzi. Ndinapepesa, koma basi yawo ya m'mawa inali itapita.

Amene ali ndi ndalama zambiri mu akaunti ndiye amavulala mosadziwa, chifukwa makina sakana. Tinene kuti munali K1,400,000. Zagwiridwa K660,000, zadulidwa K592,000. Zotapika zatsala K148,000, pamene zimayenera kukhala K808,000. Munthu amatuluka akumwetulira, n'kukazindikira ali pa mzere wa mafuta ku Zalewa.

Njira ina yogwera m'dzenje lomweli ndi kusintha kalipiridwe. Munalowa ndi khadi, potuluka mwalipira ndalama zapamanja, kapena Mpamba, kapena Airtel Money, kapena khadi ya kuntchito. Bilu yatsekedwa bwinobwino, koma khadi yoyamba ija palibe amene waikumbuka. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa anthu a misonkhano: bungwe lalipira chipinda kudzera ku banki, koma munthu anapereka khadi yake pa tsiku lolowa ngati chikole. Zikatero wolandira alendo ayenera kufafaniza chilolezo chija pa makina, ndipo pamatuluka lisiti losonyeza kuti chafafanizidwa. Musachoke pa tebulopo musanalitenge.

Ndingadziwe bwanji ndikadali pa tebulo kuti achita zoyenera?

Sungani lisiti la tsiku lolowa, ndipo ndi bwino kulijambula pa foni chifukwa mapepala a makinawa amafufutika akakhala m'thumba lotentha. Potuluka liikeni pambali pa latsopano. Onani mawu ali pamwamba. Ngati loyamba likuti `PRE-AUTH` ndipo lachiwiri likusonyeza kumalizitsa, zili bwino, ndipo nthawi zambiri nambala ya pa `AUTH CODE`, ya zilembo kapena manambala 6, imakhala yomweyo. Ngati lachiwiri likuti `SALE` ndipo nambala ndi yachilendo, funsani mwaulemu: "Nanga zogwiridwa zija mwazimasula?" Chizindikiro china chili pa foni panu. Mukalandira uthenga watsopano wa ndalama yonse ya bilu, balansi yotapika n'kutsikanso ndi ndalama yomweyo, ndiye kuti pali zilolezo ziwiri.

Ku banki akuti ndipite ku hotela, ku hotela akuti ndipite ku banki. Akunama ndani?

Nthawi zambiri palibe amene akunama, aliyense akunena theka la zoona. Hotela ikati "ife ndalama zanu tilibe" ikunena zoona, chifukwa palibe tambala imene inalowa mu akaunti yawo. Banki ikati "sitingamasule popanda mawu a hotela" ikunenanso zoona. Pamene inapereka chilolezo inalonjeza kuti bilu ikabwera idzalipira. Ikamasula chifukwa choti inu mwanena pakamwa, inu n'kutapa zonse, mawa bilu n'kubwera, banki ndi imene ikhale ndi ngongole. Ndalama zili m'nyumba ya banki, koma kiyi ali ndi hotela.

Choncho yambirani ku hotela, ndipo musangolankhula ndi aliyense amene mwamupeza. Pemphani woyang'anira olandira alendo kapena a ku ofesi ya zachuma. Choyamba ayese kufafaniza pa makina. Ngati makina sakulola, mwina poti tsiku linatsekedwa kale, alembe kalata pa pepala la hotela, yosainidwa ndi kudindidwa, yopita ku banki yanu. M'kalatamo mukhale dzina lanu, manambala 4 omaliza a khadi, tsiku limene anagwira ndalama, kuchuluka kwake, nambala ya chilolezo, ndi mawu omveka akuti hotela sidzatenga kanthu pa chilolezo chimenecho. Ngati lisiti lili ndi nambala yolembedwa `RRN`, ya manambala 12, ailembenso, chifukwa a ku banki amapeza nayo msanga. Nambala yonse ya khadi isalembedwe m'kalata, ngakhalenso manambala 3 a kuseri.

Mukafika ku banki, nenani kuti nkhani yanu ndi ya a gawo loona za makhadi. Wotumikira pa kauntala akangoyang'ana sitetimenti sapeza chilichonse, poti ndalama zogwiridwa sizilembedwa pa sitetimenti, ndiye angakubwezeni kuti palibe vuto.

Ndikapanda kuchita kanthu, zimamasuka zokha pakapita masiku angati?

Chilolezo chilichonse chili ndi moyo wake. Cha malonda wamba chimakhala pafupifupi sabata imodzi. Koma makina a wamalonda aliyense amatumiza nambala yosonyeza mtundu wa bizinesi, ndipo ya malo ogona alendo ndi 7011. Kwa mahotela, komanso obwereketsa galimoto, Visa ndi Mastercard amalola kuti chilolezo choyerekeza chikhale mpaka masiku 30, poti mlendo atha kukhala milungu ingapo. Banki iliyonse ili ndi nthawi yake yochotsera zilolezo zimene bilu yake sinabwere, ina imachotsa msanga, ina imadikira mpaka kumapeto. Wolandira alendo akakuuzani motsimikiza kuti "pakatha maola 48 zibwerera", akungokutonthozani, chifukwa iye salamula kompyuta ya banki yanu. Kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi, masiku 30 ndi mwezi wonse wa lendi ndi magetsi, n'chifukwa chake ndimati musadikire kuti zimasuke zokha.

Nanga za mafuta? Ine ndimathira ku Ginnery Corner ndi khadi koma sindinaonepo zogwiridwa.

Simunazione chifukwa kuno kwathu pa pampu pamakhala munthu. Mumati "thirani za K50,000" kapena "dzazani", iye amathira, pampu imasonyeza ndalama, kenako amabweretsa makina n'kulemba ndalama yeniyeniyo. Mtengo umadziwika khadi isanalowe m'makina, ndiye palibe choyerekeza. Ku Joni, ku Zambia ndi ku Mozambique n'chimodzimodzi, amathira ndi antchito a pamalopo.

Nkhani imasintha mukapita ku Ulaya kapena ku Amereka, kumene kuli mapampu odzithirira wekha. Kumeneko mumalowetsa khadi m'pampu momwemo musanathire, palibe munthu woti akuthamangireni mukathawa. Pampu singadziwe ngati mwabwera ndi njinga yamoto kapena galimoto yaikulu yopanda kadontho m'thanki, ndiye imapempha chilolezo cha ndalama yapamwamba imene munthu amaloledwa kuthira ulendo umodzi. Ku Britain mapampu ambiri a m'masitolo akuluakulu amagwira mpaka £120. Ku Amereka, Visa ndi Mastercard anakweza malire ake kufika $175 mu 2022, mafuta atakwera mtengo. Mapampu oterewa ali ndi nambala yawoyawo ya bizinesi, 5542, yosiyana ndi 5541 ya malo amene mumalipira kwa munthu.

Mwana wa achimwene anga amene amaphunzira ku Britain anakumana nazo mwezi wake woyamba. Anabwereka galimoto ya mnzake, anathira za £35, ndipo atalowa m'shopu kukagula chakudya khadi inakana. Anali ndi £140, pampu inagwira £120, ndipo zotapika zinali £20. Mwa dongosolo lake, mukangobweza paipi pampu imatumiza uthenga wa ndalama yeniyeni, ndipo £85 yotsala imayenera kumasuka m'kanthawi kochepa. Mabanki a komweko amachita zimenezi msanga. Khadi yochokera kutali, ya banki imene sikumana ndi mauthenga oterewa tsiku ndi tsiku, itha kuchedwa masiku angapo. Mankhwala ake ndi apafupi: thirani pa pampu yolipirira mkati, mukapereke khadi kwa munthu wa pa kauntala. Pamenepo amadula £35 yokhayo, monga kwathu kuno.

Pa malo omwetsera mafuta ku Limbe makina anakana, tinaswayipanso, ndipo ndaona zadulidwa kawiri. Ndi nkhani yomweyi?

Ndi yapachibale koma si yomweyi. Apa palibe amene anayerekeza kanthu. Chimene chinachitika n'chakuti funso linafika ku banki yanu, banki inavomera n'kupatula ndalama, koma yankho linasochera pobwerera chifukwa cha netiweki. Makina atadikira osamva kanthu analemba kuti zakanika. Pamenepo amayenera kutumiza okha uthenga wobweza, koma ngati netiweki ikadali yovuta nawonso utha kusafika. Pa khadi ya banki ina ndi makina a banki ina muno m'dziko, uthenga utha kudutsanso ku Natswitch, imene imalumikiza mabanki athu kuyambira 2015, ndiye malo oti unyolo uduke ndi angapo.

Wothira mafuta sangakubwezereni zapamanja chifukwa kwa iye kunalowa kamodzi. Tengani malisiti onse awiri, lokanika ndi lovomera. Anyamata a pa pampu amakonda kukwinya lokanikalo n'kutaya, makamaka masiku a mizere italiitali pamene aliyense akuliza hutala kumbuyo kwanu. Liitanitseni. Ndi limenelo limene banki yanu idzafune podandaula.

Ndinagona ku hotela kunja. Zomasulidwa sizikufanana ndi zimene anagwira. Zina zapita kuti?

Akaunti yanu ndi ya makwacha, hotela inapempha mu marandi kapena madola. Banki imasintha ndalamayo pa mtengo wa tsiku logwira kuti idziwe makwacha oti ipatule. Bilu yomaliza itha kusinthidwa pa mtengo wa tsiku limene yafika, n'kuonjezerapo chindapusa cha banki pa malonda akunja. Masiku wamba kusiyana kwake n'kochepa. Koma kwacha ikagwa pakati pa masiku awiriwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analowa m'hotela lisanafike tsikulo n'kutuluka litadutsa akanatha kulipira pa mtengo watsopano, ngakhale zogwiridwa zinawerengedwa pa wakale. Chilolezo chimasunga malo, koma si nthawi zonse pamene chimasunga mtengo wa ndalama.

Palinso china chimene chimapweteka apaulendo masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja. Mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi ingagwiritse ntchito kunja, ndipo zogwiridwa zitha kuwerengedwa pa malirewo ngati kuti mwagula kale. Hotela ya ku Johannesburg ikagwira zochuluka, khadi itha kukana kwina ngakhale makwacha ali tho mu akaunti. Musananyamuke pa Chileka funsani banki yanu malire anu, ndipo funsani hotela kuti imagwira zingati.

Zinamasuka zonse, ndinasangalala, koma patapita sabata ziwiri zadulidwa. Zatheka bwanji?

Kumasuka kwa chilolezo si kukhululukidwa kwa ngongole. Ngati hotela inachedwa kutumiza bilu yomaliza, banki itha kutopa kudikira n'kumasula ndalama zonse, kuphatikizapo za chipinda chimene munagonamo. Bilu ikafika mochedwa imadulidwabe. Ndiye mukaona kuti balansi yabwerera yonse ngati simunagone ku hotela, musathamangire kugula malata. Yang'anani pa sitetimenti ngati pali mzere wa dzina la hotela ndi ndalama ya bilu. Ngati palibe, ndalama imeneyo si yanu, isiyeni momwemo.

Kodi ndingakane kuti asagwire zoonjezera?

Mutha kupempha, ndipo malo ambiri amamva. Nenani kuti mulipiriratu chipinda chonse pa tsiku lolowa ngati malonda wamba, ndipo zakudya ndi zakumwa muzilipira pompopompo. Iwo amatseka chipinda chanu mu kompyuta kuti pasalembedwe ngongole, ena amachotsa zakumwa mu kafuliji. Njira ina ndi kusiya dipoziti ya ndalama zapamanja n'kulandira lisiti. Ubwino wake ndi woti pa tsiku lotuluka zotsala amakuwerengerani m'manja, osadikira kompyuta ya wina aliyense. Malo ogona ang'onoang'ono a ku Namiwawa, Sunnyside kapena Chichiri ambiri sagwira n'komwe ndalama pa khadi, mumalipiriratu basi. Mpamba ndi Airtel Money mukalipira wamalonda ndalama imapita yonse nthawi yomweyo, ndiye dipoziti yolipira motero kubwerera kwake n'kuchita kukutumizirani, ndipo gwirizanani zimenezi musanatumize.

Dongosolo logwira ndalamali limamupepukira munthu wa khadi ya ngongole, chifukwa chogwiridwa ndi gawo la ngongole imene banki inamulola, osati ndalama za ndiwo. Ambiri a ife kuno tili ndi makhadi otapira ndalama zathu zomwe, za mu akaunti imene malipiro amalowa. Ngati muli ndi maakaunti awiri, perekani ku hotela khadi ya akaunti imene sikudutsa ngongole ya kubanki kapena inshulansi ya pamwezi. Malipiro odzidula okhawo amayang'ana balansi yotapika, ndipo akabwerera chifukwa ndalama zagwiridwa, chindapusa chake chimagwera inu.

Masiku 30 adutsa, kalata ndinapereka, koma zikadali zogwiridwa. Ndipite kuti?

Choyamba tsimikizani kuti zikadali zogwiridwa osati zodulidwa, chifukwa njira zake n'zosiyana. Ngati pa sitetimenti pali mizere iwiri ya hotela, K660,000 ndi K592,000, ndiye kuti wina anamalizitsa chilolezo chija molakwika ndipo hotela inalandiradi kawiri. Pamenepo hotela iyenera kubweza pa khadi yomweyo. Ikakana kapena ikamazengereza, lembani dandaulo ku banki yanu lotsutsa malipirowo, ndipo banki idzaitanitsa ndalamazo kudzera m'njira za Visa kapena Mastercard. Madandaulo oterewa ali ndi nthawi yake, kawirikawiri masiku 120, choncho musagone nawo.

Ngati pa sitetimenti pali mzere umodzi wokha koma mabalansi awiri aja akusiyanabe ndi K660,000 yeniyeniyo, mpira uli kwa banki yanu, poti nthawi ya chilolezo inatha. Lembani dandaulo, osangonena pakamwa, ndipo pemphani nambala ya dandaulolo ndi tsiku limene adzakuyankheni. Phatikizani kope la malisiti onse awiri, bilu ya hotela yosonyeza kuti munalipira zonse, ndi kalata ija. Banki ikapanda kukuthandizani, Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse ndipo ili ndi nthambi muno mu Blantyre, imalandira madandaulo a makasitomala. Adzakufunsani umboni woti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndiye nambala ya dandaulo ija ndi kope la kalata lodindidwa tsiku limene analandira muzisunge pamodzi ndi malisiti.